Mutu wounika zolembedwa kale pa za AI ndi ulova wa achinyamata

"Ndikuchita digiri yachiwiri. Kodi mutu wounika zimene ena analemba pa za AI ndi ulova wa achinyamata ndiuyale bwanji?"

Yambani ndi matanthauzo, chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO limati wachinyamata ndi wa zaka 15 mpaka 24, pomwe African Union imafika 35. Sankhani chimodzi. Komanso ILO siwerenga ngati lova munthu amene wagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi pa sabata, ndiye wochita ganyu sapezeka m'chiwerengero cha malova.

Gawo lachiwiri likhale mtima wa mutuwo, ndipo muliyale motsata mkangano, osati mlembi ndi mlembi. Mu 2013, ofufuza Frey ndi Osborne anapeza kuti ntchito 47 pa 100 ku America zili pachiopsezo chachikulu chotengedwa ndi makina. Mu 2016, Arntz ndi anzake anapeza 9 pa 100 m'mayiko 21 olemera a m'bungwe la OECD. Anasiyana chifukwa oyambawo anayesa ntchito yathunthu, pomwe enawo anaigawa m'tizigawo timene munthu amachita pa tsiku. Mukangondandalika manambalawa osafotokoza chifukwachi, woyesa adzati mwangokopera. Kumbukiraninso kuti chiopsezo si kuchotsedwa ntchito.

Kenako bwerani kwa achinyamata enieniwo: kodi makinawa akutseka ntchito zoyambira monga za ukalaliki, kapena akuthandiza ongoyamba kumene kudziwa ntchito msanga? Ikani umboni wa mbali zonse.

Tsekani ndi mpata wotsala. Kafukufuku wambiri ndi wa mayiko olemera, kumene ambiri ndi olembedwa ntchito, osati a maganyu ndi timabizinesi. Funso lanu lichokere apo.