Maudindo anayi pa kampani imodzi: momwe mungawalembere pa CV

"Ndinayamba ntchito pa kampani ina ku Blantyre mu Febuluwale 2014 ngati kalaliki wa zowerengera ndalama, ndipo andikweza katatu: mu Julayi 2016, mu Epulo 2020 ndi mu Januwale 2023. Tsopano ndikufunsira ntchito kwina. Mnzanga wina ataona CV yanga anandifunsa kuti n'chifukwa chiyani sindikhazikika malo amodzi, chonsecho sindinachokepo pa kampaniyi. Kodi ndilembe bwanji kuti zioneke kuti ndi ntchito imodzi imene ndakhala ndikukwezedwa?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Chimene chinasokoneza mnzanuyo ndi maonekedwe a tsamba, osati mawu amene munalemba. Munthu amene akusankha makalata ofunsira ntchito amakhala ndi mulu waukulu patebulo, ndipo ulendo woyamba sawerenga chiganizo chilichonse: diso lake limatsika ndi mizere ya zilembo zakuda kwambiri ndiponso madeti. Akaona mitu inayi yofanana kukula, uliwonse uli ndi madeti akeake, amawerenga ntchito zinayi asanazindikire n'komwe kuti dzina la kampani ndi limodzimodzi. Choncho dzina la kampani lilembedwe kamodzi kokha, pamwamba, lili ndi nthawi yonse imene mwakhalapo, ndipo maudindo abwere pansi pake, atalowa m'kati pang'ono, kuyambira umene muli nawo lero kutsika mpaka umene munayambira.

Popeza CV kwathu kuno imalembedwa m'Chingerezi, maina a maudindo ndawasiya monga amalembedwera, ndipo ndangoyerekeza maina amene amapezeka kawirikawiri m'maofesi a zandalama:

```
DZINA LA KAMPANI, Blantyre    02/2014 – Present
  Senior Accountant           01/2023 – Present
  Accountant                  04/2020 – 12/2022
  Assistant Accountant        07/2016 – 03/2020
  Accounts Clerk              02/2014 – 06/2016
```

Mzere wapamwambawo ndiwo ukugwira ntchito yaikulu, chifukwa ukuuza wowerenga nthawi yomweyo kuti mwakhala malo amodzi kuyambira 2014. Zilembo zakuda kwambiri zikhale pa mzere umenewu, ndipo madeti a maudindo akhale a zilembo wamba kuti asapikisane nawo. Onaninso kuti mwezi umene udindo wina ukuthera ukutsatizana ndi mwezi umene udindo wotsatira ukuyambira. Mukalemba zaka zokha popanda miyezi, kapena mukasiya mpata wa miyezi iwiri chifukwa simukukumbukira bwino, wowerenga angaganize kuti munachoka kenaka n'kubwereranso. Tengani makalata amene anakukwezerani udindo m'faelo yanu ndipo mukopere madeti ake ndendende, pakuti ofuna kukulembani ntchito akadzafunsa ku ofesi yoona za antchito pa kampani yanu, adzauzidwa madeti a m'makalata amenewo.

Pamene ambiri amavutika ndi pofotokoza zimene ankachita pa udindo uliwonse, ndipo apa m'pofunika kuganiza mofatsa. Funso lake ndi lakuti: kodi atakukwezani ntchito inasintha mtundu, kapena inangokula? Kalaliki ndi wothandizira wowerengera ndalama nthawi zambiri amagwira ntchito zofanana, monga kulowetsa malisiti m'mabuku, kuyerekeza mabuku a kampani ndi sitetimenti ya ku banki, ndi kukonza malipiro a ogulitsa katundu. Mukalemba zimenezi kawiri, mukuwononga malo ndiponso mukubisa kukula kwanu, chifukwa maudindo awiriwo aoneka ngati amodzi amene anangosintha dzina. Ndi bwino kuwaika mizere iwiri yotsatizana, kenaka pansi pake mfundo ziwiri zokha zoimira onse awiri. Koma pamene munayamba kutseka mabuku a mwezi nokha, kukonza mafomu a msonkho opita ku MRA, kapena kuyang'anira anthu ena, ntchito inasintha mtundu, ndipo udindo umenewo uyenera kukhala ndi mfundo zakezake.

Malo musawagawe mofanana. Udindo umene muli nawo lero upatseni mfundo zinayi kapena zisanu, wa 2020 mfundo zitatu, ndipo awiri oyambirira agawane ziwiri zija. Pa udindo uliwonse lembani chimene chinali chatsopano, osati zonse zimene munkachita. Ngati mu 2020 munkayang'anira anthu awiri ndipo lero mukuyang'anira asanu ndi mmodzi, manambala awiriwo akaonekera pa maudindo otsatizana amafotokoza okha kuti munakula. Ine ndimalimbikitsanso kuti mfundo yoyamba pansi pa udindo watsopano inene poyera kuti munakwezedwa ndi chimene chinachititsa, mwachitsanzo kuti munakwezedwa mutachepetsa masiku otsekera mabuku a mwezi kuchoka pa khumi kufika pa asanu, ngati zinalidi choncho. Ena amachita manyazi ndi mawu otere poopa kuoneka odzitama, koma wowerenga sangadziwe kuti kusinthako kunali kukwezedwa kapena kungosamutsidwa ngati inu simunena.

Pa chifukwa chomwecho, musatchule kusamutsidwa kuti kukwezedwa. Ngati munachoka ku nthambi ya Blantyre kupita ku Mzuzu pa giredi yomweyo, lembani malo atsopanowo pafupi ndi udindo ndipo musawonjezere kanthu. Ngati munagwirizirapo udindo wa mkulu wanu miyezi ingapo musanatsimikiziridwe, ikani mawu akuti `Acting` m'mfundo imodzi pansi pa udindo umene munali nawo nthawiyo, pamodzi ndi miyezi yake, m'malo moupatsa mzere wakewake umene ungachulukitse mitu. Amene amagwira ntchito m'boma akumbukire kuti munthu wa ku kampani sangadziwe msanga kuti kuchoka pa giredi I kupita pa H ndi kukwera, choncho dzina la udindo ndi mawu oti munakwezedwa ziyenera kuoneka, osati chilembo chokha.

Nthawi zina kampani ndiyo imasintha dzina munthu ali pomwepo. Amene anayamba ntchito ku Celtel anapezeka ali ku Zain mu 2008 ndipo kenaka ku Airtel mu 2010 osasuntha pampando. Wotere alembe mutu umodzi wa dzina la lero, maina akalewo awatchule pa mzere womwewo, ndipo zaka zonse aziwerengere pamodzi.

Njira yonseyi ili ndi malire ake pa mafomu a pa intaneti amene mabungwe akuluakulu amagwiritsa ntchito. Fomu yotere imafuna dzina la olemba ntchito pa udindo uliwonse, ndipo ina imayesa kudzaza yokha mabokosi kuchokera pa CV imene mwatumiza. Mudzazindikira kuti yasokonezeka mukaona udindo wina uli wopanda dzina la kampani, kapena udindo wanu wa lero utapatsidwa deti loyambira la 2014. Konzani ndi manja musanatumize: lembani dzina la kampani mofanana chilembo ndi chilembo pa maudindo onse anayi, ndipo m'bokosi lofunsa chifukwa chimene munasiyira udindo lembani `Promoted`. Pa LinkedIn, mukasankha kampani yomweyo pa mndandanda umene umatuluka mukamalemba dzina lake, maudindo otsatizana amaikidwa okha pansi pa mutu umodzi.

Mukamaliza kukonza, mupatseninso mnzanu uja tsambalo, aliyang'ane kanthawi kochepa, kenaka mumufunse kuti mwagwira ntchito malo angati ndiponso kwa zaka zingati. Akazengereza poyankha, kulitsani pang'ono zilembo za mzere wa kampani ndipo mulowetse maudindo m'kati mopitirirapo.