Foni yabodza imanama ngakhale mu Settings

"Munthu wina akundigulitsa Galaxy S23 Ultra ya m'bokosi pa mtengo wosafika theka la wa m'sitolo. Ndalowa mu About phone ndipo zonse zikugwirizana ndi zolembedwa pa bokosi. Kodi pali china choti ndione ndisanapereke ndalama?"

Funso lanu landikumbutsa manyazi anga, chifukwa nanenso ndinakhulupirira tsamba lomwelo la About phone. Ndinagula foni ya mtundu umenewu kwa mnyamata wina mu Limbe, amene anati akuigulitsa motchipa kuti apeze ndalama yobwererera ku Joni. Sikirini inalemba kuti malo osungira zinthu ndi magigabaiti 256, ine ndinawerenga ndalama, tinasiyana mwamtendere.

Bodza linaululika pa ukwati wa mchemwali wanga. Ndili mkati mojambula akwati akulowa m'tchalitchi, foni inakana kupitiriza ponena kuti malo atha, chonsecho mu Settings munkaoneka kuti magigabaiti oposa 200 akadali osagwiritsidwa ntchito. Madzulo ndinasamutsira zonse pa kompyuta n'kuziwerengetsa, ndipo sizinafike ngakhale magigabaiti 12. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti manambala a mu Settings ndi mawu chabe amene wopanga foni amalemba mu pulogalamu, ndipo wachinyengo akhoza kulembamo chilichonse chimene wogula akufuna kuona. Mnzanga wokonza mafoni ataitsegula anapeza kuti purosesa, kachipangizo kamene kali ngati ubongo wa foni, inali ya MediaTek MT6580, yakale ndiponso yolekezera pa netiweki ya 3G, pomwe S23 Ultra yeniyeni, imene inatuluka mu 2023, imayendera Snapdragon 8 Gen 2. Chizindikiro cha 4G chimene chinkaoneka pamwamba pa sikirini chinali chithunzi basi.

Chimandiwawa mpaka lero n'chakuti zizindikiro zinalipo kuyambira tsiku loyamba. Kunsi kwa sikirini kunali mpata wakuda wokhuthala, pomwe pa yeniyeni mpatawo ndi wopyapyala. Usiku, mtundu wakuda unkaoneka wotuwa ngati phulusa chifukwa sikirini yotchipa imawalitsidwa yonse kuchokera kumbuyo, pomwe ya AMOLED, imene imakhala pa foni yeniyeni, imazimitsiratu malo akudawo. Kamera nayo inandipusitsa. Kumbuyo kunali magalasi angapo, koma nditayamba kuwatseka ndi chala limodzilimodzi n'kumasintha kukula kwa chithunzi kuchoka pa 0.6x kufika pa 10x, ndinapeza kuti limodzi lokha ndilo linkaona. Enawo anali zokongoletsa. Pa yeniyeni, masana kukuwala bwino, chithunzi chimachoka pa galasi lina kupita pa lina mukamasintha choncho.

Anthu ambiri adzakuuzani kuti IMEI ndiyo imathetsa mkangano, ndipo ine ndikutsutsa. Nambala imeneyi ya madijiti 15, imene foni iliyonse imadziwika nayo, imaoneka mukaimba izi:

```
*#06#
```

Madijiti 8 oyambirira amasonyeza mtundu wa foni, choncho mukaifufuza pa intaneti n'kupeza dzina la foni ina, kapena ikasiyana ndi ya pa bokosi, musagule. Koma ikagwirizana musasangalale msanga, pakuti achinyengo amakopera IMEI ya foni yeniyeni n'kuiika m'mafoni awo ambirimbiri, ndi pa mabokosi omwe. Yanga inkagwirizana bwinobwino. IMEI imatha kutsutsa foni, koma payokha siingaichitire umboni.

Zoti muchite wogulitsa ali pomwepo

Tulutsani cholembera cha S Pen ndipo muchiyandikize pa sikirini osaikhudza. Pa foni yeniyeni pamaoneka kadontho kotsatira nsonga yake chikadali m'mwamba, pomwe chabodza nthawi zambiri ndi kamtengo kongogwira ntchito ngati chala. Kenako imbani `*#0*#`, imene pa mafoni ambiri a Samsung imatsegula tsamba loyesera mitundu ya sikirini, sipika ndi masensa. Ikani nokha pulogalamu ya CPU-Z kuchokera mu Play Store, osadalira imene mwaipezamo kale, kuti muone dzina la purosesa, ngakhale kuti mafoni ena abodza amanamizanso mapulogalamu oterewa. N'chifukwa chake muyeso umene ndimaudalira kwambiri ndi wa malo osungira: bwerani ndi mavidiyo okwana magigabaiti 40 pa laputopu, muwakopere onse mu foniyo, kenako mutsegule oyambirira ndi omalizira. Foni yonama imakana ntchito ili pakati, kapena imalandira mafailo amene pambuyo pake satseguka.

Kukoperako kumatenga nthawi ndithu, ndipo wogulitsa wanga uja, ndikakumbukira bwino, ankangoyang'ana kumsewu n'kumanena kuti basi ya ku Joni imusiya. Wanuyo akakana kudikira kuti mavidiyo amalize kulowa, m'bwezereni bokosi lake ndalama zanu zikadali m'thumba.