Maimelo 46 pa tsamba limodzi: anagwirizana chiyani kwenikweni?

"Ndangolowa kumene m'komiti yokonza maphunziro a antchito. Andipatsa fayilo ya maimelo 46 omwe anzanga akhala akulemberana kwa miyezi iwiri, ati ndilembe chidule cha tsamba limodzi: mfundo zikuluzikulu, zomwe anagwirizana kuchita, ndi mafunso omwe atsala. Ndiyambire pati?"

Yambani ndi kupeta. Maimelo amenewo akuoneka ambiri chifukwa munthu akamayankha, uthenga wakale umabwera nawo pansi pa watsopano. Mudzauzindikira ndi chizindikiro cha `>` kumayambiriro kwa mzere, kapena mzere wothera ndi `wrote:`. Fufutani zobwerezazo pa kope lanu, osati pa fayilo yeniyeniyo. Koma chenjerani, ena amayankha m'katikati mwa uthenga wakalewo, funso lililonse yankho lake pansi pake. Otsalawo muwaike manambala kuyambira wakale kwambiri, kenaka muwerenge onse kamodzi osalemba kanthu.

Ntchito yovuta ili pa zomwe anagwirizana, ndipo apa ndi pomwe zidule zambiri zimanamira. Munthu akanena maganizo ake, anzake n'kukhala chete, wolemba chidule amafulumira kulemba kuti "anagwirizana". Kukhala chete si kuvomera. Ine ndimafunsa funso limodzi pa chilichonse chooneka ngati chigamulo: ndani anavomera, ndipo mu imelo nambala chani? Ndikalephera kuloza nambala, chinthucho sichilowa m'gulu la zogwirizana.

Tiyerekeze kuti zinayenda motere. Mu imelo 8 mlembi akuti maphunziro akhale a masiku awiri. Mu 11 wapampando akuyankha kuti "zili bwino". Mukaima pomwepo mulemba masiku awiri. Koma mu 27 wazachuma akuti bajeti ikukwana tsiku limodzi lokha, ndipo mu 29 wapampando akuti "titero basi". Chigamulo chenicheni ndi cha 29. Mu chidule mulembe chomalizachi ndi chifukwa chake m'chiganizo chimodzi: "Maphunziro akhala a tsiku limodzi chifukwa cha bajeti (27, 29); poyamba anati awiri." Kachidutswa komalizako musakasiye, chifukwa alipo wina amene anasiya kuwerenga pa imelo 11 ndipo akuganizabe za masiku awiri. Mfundo zikuluzikulu n'zimenezi: pomwe nkhani yafika, osati ulendo wonse. Zisanu kapena zisanu ndi imodzi n'zokwanira.

Chochita chilichonse chikhale ndi zinthu zitatu: ntchito, mwini wake, ndi tsiku. Mu imelo 31, yolembedwa Lolemba pa 3 Malichi, mlembi akuti "nditumiza makalata oitanira anthu Lachisanu likubwerali". Inu mulembe 7 Malichi. Mawu akuti "Lachisanu" kapena "sabata yamawa" amafa imelo ikagona, choncho werengerani kuchokera pa deti la imeloyo. Kenaka yang'anani kutsogolo ngati ntchitoyo inachitika kale, kuti musatume munthu zomwe anamaliza.

Nanga mukapeza kuti "wina afunse za holo"? Ameneyu wina ndani? Palibe. Chimodzimodzi "ndiona" ndi "ndiyesa" si lonjezo. Musapatse munthu ntchito yomwe sanailandire pofuna kuti chidule chioneke chokoma. Zoterezi zipite ku mafunso otsala: "Holo: palibe amene wasenza ntchitoyi (imelo 33)."

Mafunso osayankhidwa amabisala. Kawirikawiri ndi funso lachiwiri mu imelo ya mafunso awiri, pomwe woyankha anangoyankha loyamba. Sakani chizindikiro cha `?` m'fayilo yonse, ndipo pa lililonse muone ngati yankho linabwera. Kusaka kumeneku sikugwira funso lolembedwa mwaulemu ngati "zingakhale bwino titadziwa chiwerengero cha anthu", n'chifukwa chake kuwerenga koyamba kuja sikudumphika. Polemba, tchulani wofunsa, woyenera kuyankha, ndi chomwe chaima chifukwa cha funsolo.

Dziwaninso kuti fayilo yanuyo ndi ya munthu mmodzi, ili ndi zokhazo zomwe iye analandira. Wina akadina `Reply` m'malo mwa `Reply all`, nkhani imapita kumbali. Mudzadziwa mukaona mawu ngati "monga tinakambirana pa foni", kapena yankho la funso lomwe simunalione. Pamenepo musaganizire nokha zomwe ananena. Lembani kuti chigamulochi chinapangidwa kunja kwa maimelowa, ndipo mufunse eni ake. Mafayilo omatidwa nawonso sabwera nthawi zonse pa zosungidwa, ndiye bajeti ikatchulidwa, nenani kuti ndi ya mu imelo iti, poti ikhoza kukhala itasinthidwa kangapo.

Pamwamba pa tsamba lembani madeti a imelo yoyamba ndi yomaliza. Mukatha, tumizani chidulecho kwa onse a m'komiti, muwapatse tsiku loti akhale atakonza zolakwika, ndipo aliyense amene dzina lake lili pa chochita mum'pemphe kuti ayankhe yekha kuti wavomera.