Dzina la mlambe m'mabuku a sayansi

"Mlambe timaudziwa tonse. Nanga m'mabuku amaulemberanji Adansonia digitata?"

Maina a kumudzi amasinthasintha: ife timati mlambe, Aswahili amati mbuyu. Choncho asayansi amagwiritsa dzina limodzi la mawu awiri, njira imene Carl Linnaeus anaikhazikitsa pa zomera mu 1753.

Adansonia ndi dzina la gulu, lochokera kwa Michel Adanson, Mfalansa amene anaufufuza mtengowu ku Senegal. Digitata ndi Chilatini, kuchokera ku digitus, chala. Taonani tsamba la mlambe waukulu: timasamba nthawi zambiri tisanu totambasuka ngati dzanja. Koma kamtengo kanthete kamayamba ndi tsamba losagawika, ndiye ambiri samakazindikira.

Polemba, liwu loyamba lokha ndilo limayamba ndi chilembo chachikulu. "Digitata" payekha sakwanira, chifukwa zomera zinanso zili nalo.