Ndi chisoni cha maliro kapena ndi matenda?

"Amayi anga anamwalira miyezi 7 yapitayo. Mpaka pano ndimalira, makamaka Lamlungu. Amuna anga akuti ndili ndi dipuleshoni ndipite kuchipatala, pomwe azakhali akuti n'chisoni chabe, chidzatha chokha. Anthu akandifunsa ndimangoti ndakhumudwa, koma mumtima ndikudziwa kuti si zimenezo. Kodi chimene ndikumvachi ndichitchule kuti chiyani?"

Pepani kwambiri achemwali, pepani ndi zovuta zimenezi. Mawu oti mwakhumudwawo asiyeni kaye, mtima wanu sukukunamizani. Munthu amakhumudwa pamene chimene amayembekezera chalephereka: mwana walephera mayeso a Fomu 4, mnzake wamunena miseche, ntchito imene anamulonjeza aipatsa wina. Kukhumudwa kumakhala ndi chifukwa chimene ungachiloze ndi chala, ndipo chifukwacho chikakonzeka nako kumatha. Amene anakulakwira akapepesa, mtima umabwerera m'malo. Imfa ya mayi ilibe woipepesa n'kuikonza. Mukamauza anthu kuti mwakhumudwa, iwo amamva ngati nkhani ya sabata imodzi, ndiye amakuyankhani zopepuka, inu n'kutsala nokha ndi katundu yense.

Chisoni n'chozama kuposa pamenepo. Chimabwera pamene chinthu chatayika ndipo sichibwereranso, kapena pamene ukuona kuvutika kumene sungakuthetse. Ungamve chisoni ndi ukwati umene watha, ndi kholo limene layamba kuiwala mayina a ana ake, ngakhale ndi anthu osawadziwa, monga mmene dziko lonse linamvera namondwe Freddy atakokolola midzi ku Mulanje, Phalombe ndi Chilobwe mu 2023. Chisoni chilibe mkwiyo wambiri ngati kukhumudwa, ndipo sichifuna kuti wina apepese. Koma kulira maliro n'chinthu chinanso, chifukwa mkati mwake muli zambiri zoposa chisoni. Namfedwa amamva chisoni inde, koma amakwiyanso, amadziimba mlandu kuti ndikanawatengera kuchipatala msanga, amalota womwalirayo, amatenga foni kuti awaimbire kenaka n'kukumbukira. Ena amamva ndi mpumulo womwe, makamaka ngati matenda anali aatali, kenaka n'kuchita manyazi kuti amva mpumulo. Zonsezi n'zoyenera pa maliro, ndipo palibe chimene chikusonyeza kuti mutu wasokonekera.

Kalata yanu yandikumbutsa za kwathu. Bambo athu atamwalira, amayi analira kwambiri moti amayi anzawo a mvano ankachita kuwagwira. Titachoka kumanda, atameta, abale atabalalika, kulirako sikunathe. Ankati akaona jekete ya bambo pamsomali, misozi. Akamva nyimbo imene bambo ankaikonda kutchalitchi, misozi. Koma amayi omwewo madzulo ankaseka ndi zidzukulu mpaka kugwira nthiti, ankadya nsima yawo, ndipo mvula yoyamba itagwa anali oyamba kufika kumunda ndi khasu. Akamalankhula, nkhani yawo inali bambo: mmene ankachitira nthabwala, mmene ankakanira kumwa tiyi wopanda shuga. Ife tinkadera nkhawa amayi chifukwa misozi yawo inkaoneka.

Amene sitinkawayang'ana anali achimwene athu aakulu. Pamaliro sanalire n'komwe, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi mwamuna wolimba mtima. Ndi amene anathamangira bokosi, ndi amene anasunga kope la chipepeso. Patapita miyezi ingapo anayamba kuchedwa kutsegula shopu yawo ya ukalipentala, kenaka n'kusiyiratu. Mipando ya anthu inakhala yosamalizidwa. Ankadzuka tambala asanalire n'kukhala pakhonde osachita kanthu. Thalauza linayamba kukhwepa. Bawo imene ankaisewera tsiku lililonse anaisiya, ngakhale wailesi ya mpira sankayatsa. Alamu atawafunsa chavuta n'chiyani, sanatchule bambo. Anati, "Ine ndine munthu wachabe, ndikungokuvutitsani."

Banja lonse linati ali ndi chisoni, asiyeni chiwathere. Mawu amenewo anatichititsa kudikira, pakuti chisoni chimadikiridwa. Nthawi itapita ena anasintha n'kuyamba kunena kuti ndi ulesi, ena kuti awalodza chifukwa cha munda wa masiye. Anali mlamu wathu amene anaumirira kuti apite kuchipatala, ndipo kumeneko ndi kumene anawauza kuti ndi matenda ovutika maganizo, amene ambiri timangoti dipuleshoni. Anapatsidwa mankhwala komanso munthu wokambirana naye. Mankhwala amenewa sagwira tsiku lomwelo, amatenga masabata angapo, ndipo poyamba achimwene ankafuna kuwataya. Pang'onopang'ono tulo tinabwerera, shopu inatsegulidwa. Chimene sindidzaiwala n'chakuti atayamba kuchira ndi pamene analira bambo koyamba.

Kusiyana kwake ine ndimakuona ngati mvula ndi chiperoni. Chisoni cha maliro chimabwera ngati mvula yamkuntho, chimakunyowetsa n'kukata, dzuwa n'kuwala, mawa n'kubweranso. Dipuleshoni ili ngati chiperoni cha ku Thyolo mu Julaye, chimene chimangokhala chikutire masiku, m'mawa mpaka usiku, osalola dzuwa. Namfedwa amaona kuti dziko lachepa chifukwa munthu wake palibe, koma iye mwini amadziona kuti akadali munthu. Wodwala dipuleshoni amadziona kuti iyeyo ndiye wopanda pake. Ngakhale akanena za imfa amasiyana. Namfedwa angathe kunena kuti ndikanakonda kukakhala kumene kuli amayi. Wodwala amati kuli bwino ndichoke, ndikulemetsa anthu.

Apa ndinene zimene zimandipweteka. Masiku ano achinyamata ambiri akulemba pa Fesibuku kuti ali ndi dipuleshoni chifukwa timu yawo yagonja kapena chibwenzi sichinayankhe uthenga. Sindikunyoza kupweteka kwawo, koma kumeneko ndi kukhumudwa, ndipo akamakupatsa dzina la matenda akuwononga dzina limene munthu wina adzalifuna kuti apulumuke. Tsiku limene wodwala weniweni adzalitchula, anzake adzamuyankha kuti nafenso tinali nayo dzulo, tiye tikamwe. Kumbali inayi kuli akuluakulu amene amati zimenezi ndi matenda a azungu, kuno kulibe, munthu angolimba mtima n'kupemphera. Amenewa amandikwiyitsa kwambiri. Matendawa analipo kuyambira kale, kungoti tinkawatchula kuti akuganiza kwambiri, kapena mtima ukumupweteka, kapena wangofooka thupi. Ku Zimbabwe dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yophunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumakambirana ndi anthu ovutika maganizo, ndipo mawu amene anthu amafika nawo pabenchipo ndi omwewa oti kuganiza kwambiri, m'Chishona chawo. Pemphero ndi labwino, inenso ndimapemphera, koma palibe amene amaletsa wodwala malungo kupita kuchipatala poti akupemphereredwa. Ndipo mawu oti mwamuna salira atipweteketsa amuna ambiri. Makolo anati maliro n'kulirana, sanapatulepo amuna.

Ngakhale madokotala enieniwo anatsutsana nthawi yaitali pankhani ya malire amenewa. Buku limene madokotala a maganizo a ku Amerika amatsatira linkanena kuti munthu amene waferedwa asafulumire kutchulidwa wodwala dipuleshoni m'miyezi 2 yoyambirira. Mu 2013 lamulo limeneli analichotsa, poona kuti imfa ingathe kuyambitsa matenda enieni, ndipo munthu angakhale ndi zonse ziwiri nthawi imodzi. Choncho amuna anu ndi azakhali anu sakukangana zopusa.

Zimene achipatala amayang'ana

Safunsa kuti mumalira kangati. Amafunsa ngati kwa masabata 2 kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse ndiponso nthawi yambiri ya tsikulo, mtima wanu wakhala uli pansi kapena mwasiya kusangalala ndi zimene munkazikonda. Pamwamba pa zimenezo amaona tulo, chilakolako cha chakudya, kutopa kosadziwika chifukwa, kulephera kuika maganizo pa ntchito, kuchita zinthu mwapang'onopang'ono kapena kusakhazikika, kudziona wachabe, ndi maganizo ofuna kufa. Zizindikirozi zonse pamodzi zilipo 9, ndipo zikapezeka 5 kapena kuposa, kuphatikizapo chimodzi mwa ziwiri zoyambirira zija, n'kumalepheretsa munthu kugwira ntchito kapena kusamala pakhomo, ndi pamene amati ndi matenda. Dokotala wosamala amaonanso zina zimene zimafanana nawo, monga kuchepa magazi ndi vuto la chithokomiro.

Palinso china chimene Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse linachiika pa mndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndicho kulira maliro kosatha. Uku ndi pamene padutsa miyezi yosachepera 6 koma kulakalaka womwalirayo kukadali kwamphamvu tsiku ndi tsiku, munthu akulephera kuvomereza kuti imfa inachitika, moyo wake waima, ndipo zapitirira zimene anthu a kwawo amaziona ngati zoyenera. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa ife, pakuti kwathu kuno mabanja ambiri amakumananso patatha chaka kukamanga chiliza, ndipo palibe amene amadabwa kuona misozi tsiku limenelo. Madokotala a ku Amerika aja amadikira miyezi 12 kwa munthu wamkulu.

Kuchokera pa mizere yochepa imene mwalemba sindingakupimeni, koma misozi imene imasankha tsiku lake, Lamlungu, imamveka ngati ya munthu amene akulira mayi ake. Mwina ndi tsiku limene munkapita nawo kutchalitchi kapena munkawaimbira foni. Anthu akafunsa, auzeni kuti, "Ndikulirabe amayi anga." Komabe amuna anu muwafunse chimene aona kuti afike ponena mawu aja, chifukwa wokhala naye nyumba imodzi amaona zimene mwini sakuziona. Kenaka kwa masabata 2 muzilemba madzulo aliwonse mmene mwagonera, mmene mwadyera, ndi ngati pali chimene chakusekatsani tsikulo. Mukapeza kuti Lachiwiri ndi Lachinayi n'zolemera chimodzimodzi ndi Lamlungu, tulo palibe, ndipo mwayamba kudziona wachabe, tengani pepalalo mupite nalo kuchipatala cha boma cha m'boma lanu, mukafunse namwino woona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso zipatala za St John of God, ndipo ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matenda amenewa. Ngati maganizo odzipha akubwerani, musadikire masabata 2 aja, uzani amuna anu kapena azakhali lero lomwe ndipo akuperekezeni kuchipatala.