Dipoziti ya K240,000 yathera pa penti ndi chiswe: ndiyambire pati?

"Ndakhala zaka zitatu m'nyumba ya lendi ku M'baluku, lendi yake K120,000 pamwezi. Polowa ndinapereka dipoziti ya miyezi iwiri, K240,000. Ndinapereka notisi bwinobwino, ndinakolopa nyumba yonse n'kubweza makiyi. Nditafunsa za ndalama yanga, alandilodi anditumizira pa WhatsApp kuti penti ndi K140,000, chitseko cha kubafa chimene chadyedwa ndi chiswe K45,000, kukolopa ndi kulambula panja K25,000, magalasi awiri a pawindo K18,000, bilu ya madzi K12,000, ndiye palibe chotsala. Magalasiwo ndikuvomera, anaswa ndi mwana wanga. Kukhitchini khoma limodzi linadadi ndi utsi wa mbaula. Pepala la mgwirizano sitinalembe. Ndipite kupolisi?"

Mayi, musanapite kulikonse, tengani cholembera muwonkhetse ziwerengero zimene akutumiziranizo. Zikukwana K240,000 ndendende, osapitirira kapena kuperewera ngakhale kwacha imodzi. Zinthu zikamawonongeka m'nyumba siziyang'ana kuti dipoziti ndi zingati. Mndandanda woterewu nthawi zambiri umalembedwa chobwerera m'mbuyo: munthu amayamba ndi ndalama imene ali nayo m'manja, kapena imene anadya kale, n'kumafunafuna zoti adzazirepo. Zimenezi pazokha si umboni wakuti akunama, koma zikukupatsani chifukwa chokwanira chopemphera lisiti pa chinthu chilichonse.

Dipoziti ndi chikole. Ndalamayo imakhalabe yanu, mwini nyumba amangoisunga kuti mukasiya ngongole kapena mukawononga katundu wake apezepo pogwira. Choncho amene akufuna kudulapo ndiye ayenera kuonetsa chimene chawonongeka, kuti mwawononga ndinu, ndi kuti kukonza kwake kwadya zingati. Kusalemba pepala sikukugwetsani, chifukwa mgwirizano wapakamwa nawo ndi mgwirizano. Vuto la anthu ambiri limakhala lakuti mwini nyumba amatembenuka n'kunena kuti sinali dipoziti ayi, inali lendi yolipiriratu ndipo inatha kalekale. Inu vuto limenelo mulibe. Pokutumizirani mndandanda wa zimene akudula, avomera okha kuti ndalamayo analandira ndipo inali chikole. Uthenga umenewo muujambule lero lomwe, mutumizenso kufoni ya m'bale wanu, chifukwa mafoni amagwera m'madzi.

Tsopano tiyeni titenge chimodzichimodzi, kuyambira pa penti poti ndi pamene pali ndalama yambiri.

Nyumba imakalamba ngakhale mukhalemo munthu wosamala chotani. Penti amafwifwa, pamene manja amagwiragwira pafupi ndi switchi pamada, pamene panatsamira sofa pamasiya mzere. Kuno ku Mangochi onjezeranipo dzuwa lathuli, fumbi la mu Okutobala, ndi chinyezi chimene chimakwera m'makoma nthawi ya dzinja n'kumakungunula penti cham'munsi. Kukalamba kotereku kunalipiridwa kale mu lendi imene munkapereka mwezi ndi mwezi. Zaka zitatu pa K120,000 ndi K4,320,000, ndipo m'ndalama imeneyo ndi mmene mwini nyumba amayenera kupatula ya penti. Chimene angakulipiritseni ndi kuwonongeka kopitirira kukalamba wamba, kobwera chifukwa cha zochita zanu kapena za anthu a m'nyumba mwanu. Khoma lakukhitchini limene ladetsedwa ndi mbaula likulowa m'gulu limeneli. Zipinda zogona, pabalaza ndi pakhonde ayi.

Ngakhale pa khoma limodzilo, sayenera kukulipiritsani ngati kuti penti anali watsopano dzulo. Penti amene mwatuluka mukumusiya anali atagwira kale ntchito zaka zitatu, mwinanso kupitirira ngati sanapake pamene inu munkalowa. Kukudulani mtengo wonse ndiye kuti mukuwagulira nyumba yowala kuposa imene anakupatsani, yoti akakwezerepo lendi kwa wolowa wina. Itanani mmisiri wopenta, mumuuze kukula kwa khomalo, akulembereni kotesheni ya penti ndi ntchito yake, asainire ndi kuikapo nambala yake ya foni. Tiyerekeze kuti wanena K20,000. Ndiyo ndalama imene mungavomere, ndipo mwawakomera kale mtima posachotserapo za ukalamba wa penti wakaleyo.

Za chitseko ndisatayepo nthawi. Chiswe simunabwere nacho m'katoni posamuka. Chimachokera pansi, ndipo kuthira mankhwala m'maziko ndi kuteteza matabwa ndi ntchito ya mwini nyumba. Khomo lokhalo limene angalowere ndi lakuti munaona chiswe n'kukhala chete mpaka chitseko chatha. Fufuzani m'mauthenga akale ngati munawauzako, kapena kumbukirani amene analipo tsiku limene munawaonetsa. Chitseko chimene wina anachimenya chibakera chimaoneka, ndipo chodyedwa ndi chiswe chimaonekanso: chimakhala chogoba m'kati, chodzaza dothi.

Kukolopa kumatengera mmene nyumba inalili tsiku lobweza makiyi poyerekeza ndi tsiku lolowa. Ngati munajambula zithunzi mutatha kukolopa, nkhani yatha. Ngati simunajambule, amene anakuthandizani kukolopa ndi mboni, woyendetsa galimoto imene inanyamula katundu ndi mboni, aneba amene anabwera kudzatsanzika ndi mboni. Afunseninso alandilodiwo kuti K25,000 imeneyo anapatsa ndani ndipo liti. Udzu umene wamera patapita milungu itatu chitulukireni si wanu.

Magalasi mwavomera, ndipo mwachita bwino, komabe pemphani lisiti, kapena kafunseni mtengo wa galasi la saizi imeneyo m'mashopu awiri a zomangira pa boma. Bilu ya madzi nayo ili ndi poyezera. Ngati ndi mita yolipira pakutha pa mwezi, a Southern Region Water Board ali ndi mbiri ya akauntiyo, ndipo inu mukuyenera kulipira madzi ofika tsiku limene munatuluka basi, osati ngongole imene munaipeza kapena madzi amene opentawo atsukira mabulashi. Tingovomera kuti ziwerengero ziwirizi zili bwino mmene azilembera.

Ndiye masamu ake ndi awa: K20,000 ya khoma, K18,000 ya magalasi ndi K12,000 ya madzi zikupanga K50,000. Pa K240,000 patsala K190,000. Imeneyo ndiyo ndalama yoitanitsa. Ena angakuuzeni kuti muitanitse yonse kuti mupeze pokambirana. Ine sinditero. Munthu amene wafika pamaso pa mfumu kapena majisitireti atavomera kale zolakwa zake, ziwerengero zili m'manja, amamveka msanga kuposa amene akukana chilichonse.

Kupolisi musapiteko ndi chiyembekezo chakuti akawamanga. Iyi ndi ngongole ya pakati pa anthu awiri, si mlandu wakuba, ndipo apolisi ambiri adzakuuzani zomwezo n'kukulozerani kukhoti. Apolisi amalowererapo pakakhala kuopsezana kapena ndewu.

Choyamba ndi kalata. Osati mauthenga khumi okalipa usiku, koma kalata imodzi yapapepala, yaulemu, ya tsiku lake. Mawu ake angakhale otere: "Bambo, ndinatuluka m'nyumba yanu pa tsiku lakuti ndipo makiyi munalandira. Pa dipoziti ya K240,000 ndikuvomera kuti mudule K50,000 ya magalasi, madzi ndi khoma lakukhitchini. Penti wa nyumba yonse, chitseko chodyedwa ndi chiswe ndi kukolopa sindikuvomera. Ngati muli ndi malisiti kapena zithunzi zosonyeza kuti ndinawononga ndine, ndionetseni. Ndikupempha K190,000 pasanathe masiku 14, apo ayi nkhaniyi ndiipititsa kubwalo la milandu." Lembani makope awiri. Popereka pitani ndi munthu wamkulu mmodzi, asainire pa kope yanu kuti alandira. Akakana kusaina, mboni yanuyo ilembe tsiku ndi nthawi, inu mujambule kalatayo muwatumizirenso pa WhatsApp.

Masiku 14 akatha kuli zii, yesani amfumu kapena wapampando wa m'dera limene muli nyumbayo. Musapeputse njira imeneyi. Alandilodi ambiri amaopa manyazi a pabwalo kuposa kalata, ndipo kawirikawiri pamenepa ndi pamene chilungamo chimatulukira, chakuti ndalamayo inapita ku fizi ya mwana kapena ku malata a nyumba ina. Akapempha kubweza pang'onopang'ono, vomerani ngati mungathe, koma zilembedwe: zingati, pa tsiku liti, asainire pamaso pa amfumu. Dziwani chabe kuti amfumu amayanjanitsa, alibe mphamvu yolanda katundu wa munthu. Ndipo poti mwini nyumba ndi mwana wa m'mudzimo pamene inu mwasamuka, nthawi zina chigamulo chimapendekera kwawo. Simukukakamizidwa kuchivomera.

Zikakanika, pitani kukhoti la majisitireti pa boma pomwepa. Pa nkhani ya ndalama zochepa chonchi simufunika loya. Mukaonana ndi kalaliki wa milandu ya ngongole, mufotokoze, mulipire ndalama yotsegulira mlandu ndi kulandira lisiti yake, ndipo alandilodi adzapatsidwa samani. Ndalama yotsegulirayo muipemphe kuti iwonjezedwe pa zimene akubwezereni. Tengani uthenga wa mndandanda uja mutausindikiza papepala, foni nayonso ili m'manja, pamodzi ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti lendi munkalipira, notisi yanu, kalata ija, kotesheni ya mmisiri ndi mboni zanu. Mauthenga a pafoni amalandiridwa ngati umboni, lamulo la 2016 lokhudza zochitika za pamakina ndi pa intaneti linatsegula khomo limenelo. Lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu akasume pa nkhani ya mgwirizano, koma musadalire zimenezo. Nyumba ikapentedwa n'kulowa munthu wina, umboni wa mmene inalili umafufutika, mboni nazo zimasamuka. Mukaona kuti zikukulemerani, a Legal Aid Bureau amathandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya.

Yembekezerani kuti kukhotiko angabwere ndi zodandaula zawo zatsopano, monga zakuti notisi yanu inali yaifupi ndiye muwalipire mwezi wina. N'chifukwa chake umboni wa tsiku limene munapereka notisi ndi wofunika ngati mndandanda uja. Dziwaninso kuti kuwina mlandu ndi kulandira ndalama ndi zinthu ziwiri. Akapanda kulipira khoti litagamula, mumabwereranso kwa kalaliki kukapempha chikalata choti asherifu akagwire katundu wawo, ndipo apanso pamakhala kandalama kolipira ndi masiku odikira.

Pakadali pano dziletseni pa zinthu ziwiri. Musakalembe dzina lawo pa Facebook n'kuwatchula kuti ndi wakuba, chifukwa mungawapatse mlandu wokusumirani wa kuipitsa mbiri, woposa K190,000 yanuyo. Ndipo akakutumizirani K50,000 kapena K80,000 n'kunena kuti "landirani zithe", musangoti zikomo. Yankhani pa uthenga nthawi yomweyo kuti mwalandira ngati gawo chabe la ngongoleyo, ndipo mulembe ndalama imene yatsala.