Masivi 200 masana amodzi: mafunso atatu ochotsera anthu pa mndandanda

"Abale, tinalengeza ntchito imodzi ya mlangizi wa ulimi, makalata abwera 200. Abwana akufuna mayina a oti ayitanidwe ku intavyu mawa m'mawa. Ndatsala ndi masana a lero okha. Ndiyambire pati osalakwira anthu?"

Achemwali, musatsegule envulopu kapena imelo ngakhale imodzi musanalembe mafunso anu papepala. Ndasankhapo alangizi kangapo, ndipo nthawi zonse zomwe ndinalakwira anthu ndi zomwe ndinayamba kuwerenga ndisanadziwe chomwe ndikufufuza. Sivi yoyamba yokongola imakukopa, kenako ena onse umawayesa ndi iyoyo.

Tiyeni tiwerengere nthawi. Kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko ndi mphindi 240. Mukazigawa mofanana, munthu aliyense apeza masekondi 72, omwe ndi ochuluka kwa amene alibe zoyenereza koma ochepetsetsa kwa amene ali woyenera. Ndiye gawani motere: mphindi 100 zoyamba kusefa, theka la mphindi pa munthu, mphindi 100 zina kuwerenga mofatsa amene atsala, mphindi 40 zomaliza kubwerera kwa amene mwawachotsa.

Funso lochotsera munthu si funso wamba. Liyenera kuyankhidwa ndi inde kapena ayi, liyenera kukhala lochokera m'chilengezo chomwe munatulutsa, ndipo "ayi" wake atanthauze kuti munthuyo sangagwire ntchitoyo ngakhale mutamulemba Lolemba. Ine ndimadzifunsa kuti: atabwera munthu wanzeru kwambiri koma alibe chinthu ichi, ndingamutenge? Ndikaona kuti mtima ukuti "mwina", chinthucho sichochotsera munthu, ndimachisunga kuti chidzapatse mamalikisi pa gawo lachiwiri. "Wolimbikira ntchito" kapena "wodziwa kukhala ndi anthu" sizingalowe pano, chifukwa aliyense amalemba zomwezo ndipo simungazitsimikize pa theka la mphindi.

Ulendo wina tinkafuna mlangizi wokayendera magulu a alimi a soya ndi mtedza ku Mchinji, makalata analinso pafupifupi ngati anuwa, tingoti 200. Mafunso anga anali atatu. Kodi ali ndi dipuloma ya ulimi kapena kuposera apo? Kodi ali ndi laisensi ya njinga yamoto? Kodi wagwirapo ntchito ndi alimi kwa zaka 2? Ndinawandandalika choncho dala, chifukwa dipuloma imaoneka msanga, pomwe zaka zimafuna kuwerengera madeti. Ukapeza "ayi" pa funso loyamba, ukuima pomwepo, enawo osawayang'ananso. Apa ndi pamene nthawi imapulumukira.

Dipuloma inachotsa anthu 74, ambiri a iwo a MSCE yokha kapena a maphunziro ena monga zamalonda. Laisensi inachotsa 58, zaka zinachotsa 29, anatsala 39. Onani kuti funso ndinalilemba kuti "kapena kuposera apo". Mukangolemba "dipuloma", mnzanu wokuthandizani akhoza kutaya munthu wa digiri ya ku Bunda chifukwa pepala lake silinalembedwe mawu amenewo, n'kusunga wa dipuloma ya ku NRC yekha, chonsecho onse ndi ana a LUANAR. Za laisensinso nenani gulu lake: ya njinga yamoto ndi A kapena A1, ndipo munthu wa B yekha amayendetsa galimoto yaing'ono, osati njinga. Ambiri amangolemba kuti ali ndi laisensi osatchula gulu.

Pamenepo ndi pamene pali msampha waukulu, ndipo ndikupemphani mundimvetse bwino. Sivi kukhala chete sikutanthauza ayi. Mayankho anu akhale atatu: Inde, Ayi, ndi chizindikiro cha funso. Wolemba kuti ali ndi B yekha ndi Ayi. Wongolemba kuti ali ndi laisensi osatchula gulu, muikireni chizindikiro cha funso ndipo apitirire. Pa anthu 39 aja, 11 anali otere, ndipo mawa lake m'mawa tinawaimbira foni, mphindi imodzi aliyense. Ndinaphunzira izi movutikira. Chaka china ndinachotsa mayi wina chifukwa sivi yake sinatchule laisensi, chonsecho fotokope yake inali tsamba lomaliza, kuseri kwa masatifiketi. Tinazindikira ntchito itapatsidwa kale munthu wina, ndipo mpaka lero zimandipweteka, chifukwa mayiyo anachita zonse zomwe tinapempha. Kuchokera pamenepo, ndisanalembe Ayi ndimavundukula mapepala onse mpaka kumapeto.

Lembani zonse mu Excel, mzere umodzi munthu mmodzi: nambala, dzina, kenako mayankho atatu mu C, D ndi E. Mu F ikani ichi n'kukokera pansi:

```
=IF(COUNTIF(C2:E2,"Ayi")>0,"Watuluka","Wapitirira")
```

Lembaninso nambala yomweyo ndi pensulo pakona ya kalata. Abwana akadzafunsa kuti mwana wa uje anagwera pati, mudzaloza funso lenileni lomwe linamuchotsa, osati kungoti sanakusangalatseni.

Mukamaliza makalata 30 oyamba, imani muone mmene sefa ikugwirira. Ngati apitirira 25, mafunso anu sakusefa kanthu, ndipo 5 koloko idzakupezani muli ndi mulu womwewo. Ngati wapitirira mmodzi yekha, pali funso lomwe lakhwima mopitirira, kawirikawiri limakhala la zaka. Mukasintha funso, bwererani kwa 30 aja muwayesenso, kuti onse adutse pa muyeso umodzi. Gwirizananinso pasadakhale ngati miyezi ya intenishipu kapena yongodzipereka ikuwerengedwa. Ine ndimaiwerenga, chifukwa mnyamata amene wakhala chaka akuyenda m'minda popanda malipiro amawadziwa alimi kuposa amene wakhala zaka zitatu mu ofesi.

Pali mafunso ena omwe musayerekeze kuwaika. Lamulo la Employment Act la 2000, ndime 5, limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha zinthu monga kukhala mwamuna kapena mkazi, mtundu, chipembedzo, ulumali, kukhala pabanja kapena udindo wolera ana. Pa ntchito za kumudzi mawu oti "mzimayi sangathe njinga" kapena "uyu ali ndi mwana wamng'ono" amatuluka kawirikawiri. Funso ndi laisensi basi. Ngati ali nayo, wadutsa. Malire a zaka zakubadwa ndi adiresi ya komwe munthu akukhala nazonso ndimazikana: wa ku Zomba akhoza kusamukira ku Mchinji, mudzamufunse yekha.

Gawo lachiwiri ndi losavuta kulifotokoza. Anthu pafupifupi 40, mphindi ziwiri ndi theka aliyense. Sankhani zinthu zitatu zomwe mukuzifuna koma sizochotsera munthu, monga mbewu zomwe wagwira nazo, kukula kwa magulu omwe wayang'anira, ndi kulemba malipoti. Chilichonse chipatseni 0, 1 kapena 2, muphatikize, mutenge 8 apamwamba ndi ena 4 osungira. Kutsimikiza masatifiketi ku MANEB kapena ku koleji ndi kuimbira mabwana awo akale si za lero, ndi za anthu 8 okhawo.

Mphindi 40 zomalizazo musazidye, ngakhale mutatopa bwanji. Maso akafika pa kalata ya 150 amayamba kudumpha mizere. Pemphani mnzanu asolole makalata 10 mwachisawawa pa mulu wa otuluka, makamaka omwe munawaona chakumapeto, awayese ndi mafunso omwewo asanaone zomwe munalemba. Akapeza mmodzi wochotsedwa molakwika, m'bwezereni pa mndandanda. Akapeza awiri pa funso limodzi, bwerezani onse omwe funsolo linawachotsa, ndipo uzani abwana lero lomwe kuti mayina afika mawa masana osati m'mawa.